Zimene Madzi Ozizira Amachita pa Thupi la Munthu

Sitima ya Titanic itamira mu 1912, ambiri mwa amene anagwera m'nyanja anafa pasanathe ola limodzi, ngakhale anavala majekete oyandamitsa. Madziwo anali pafupifupi madigiri 2 pansi pa ziro.

Ngozi imayamba mphindi yoyamba yomwe. Khungu likakhudzana mwadzidzidzi ndi madzi osafika madigiri 15, munthu amakoka mpweya mosafuna, kenako n'kumapuma mwawefuwefu, mtima ukugunda kwambiri. Mutu ukakhala pansi pa madzi pa nthawiyo, amakokera madzi m'mapapo. Choyenera kuchita ndi kugona chagada, nkhope ili m'mwamba, osayamba kusambira mpaka kupuma kutakhazikika.

Pakatha mphindi pafupifupi 10, magazi amakhala atathawira m'kati mwa thupi, ndipo zala ndi mikono zimachita dzanzi. Choncho kugwira chingwe, kumanga bwino jekete kapena kukwera pamwamba pa boti logudubuzika kuyenera kuchitika manja akadali ndi mphamvu.

Kuzizidwa kwa m'kati mwa thupi, pamene kutentha kwatsika pansi pa madigiri 35, kumabwera mochedwerapo, kawirikawiri pakadutsa mphindi 30. Munthu amanjenjemera, amalankhula mosamveka, nzeru n'kusokonezeka. Kunjenjemera kukasiya iye akadali wozizira, ndiye kuti zinthu zafika poipa. Wovala jekete apinde mawondo kufika pachifuwa, manja atafumbata m'khwapa, ndipo ngati ali ambiri akumbatirane.

Wopulumutsidwa amutulutse atagona, amuvule zonyowa, amufunditse bulangeti n'kuthamangira naye kuchipatala. Asamutikite miyendo kapena kumupatsa mowa.