Kompyuta ikawerenga 1 ngati 7 pa invoisi

Masiku ano invoisi ya katundu wochokera kunja nthawi zambiri imamupeza wokiliyalitsa katundu ili chithunzi cha pa foni, chopendekeka, mwinanso chidindo chitaphimba manambala ena. Pulogalamu yotchedwa OCR ndiyo imasandutsa chithunzicho kukhala zilembo. Imayamba ndi kuwongola chithunzi n'kuchotsa mithunzi, kenaka imapeza mizere ya tebulo kuti idziwe nambala yomwe ili mtengo ndi yomwe ili kulemera.

Tiyerekeze kuti munthu waitanitsa matayala 200 a galimoto zing'onozing'ono, lililonse pa madola 30. Pa invoisi palembedwa FOB 6,000, ndiwo mtengo wa katundu atakwezedwa m'sitima kudoko lochokera. Msonkho suwerengedwa pamenepa. Timawonjezera madola 900 a mayendedwe ndi 100 a inshuwalansi, n'kupeza 7,000, mtengo wotchedwa CIF. Msonkho wolowetsera utakhala 25 pa 100 alionse, ndiye kuti ndi madola 1,750, ndipo VAT imadzawerengedwa pa 8,750, osati pa 7,000.

Zolakwika za ndalama sizivuta kugwira. Amalonda a ku Germany kapena ku Portugal amalemba 6.000,00, ndipo pulogalamu yosatcheredwa bwino ingayese kuti ndi madola 6 okha. Koma ikachulukitsa 200 ndi 30 imaona yokha kuti sizikugwirizana. Kulemera nakonso kuli ndi poyesera pake: kwa katundu ndi zokutira zake, G.W., sikungachepere kwa katundu yekha, N.W. Nambalazi si zokongoletsa pepala, chifukwa katundu wosiyanasiyana akabwera m'kontena imodzi, ndalama ya mayendedwe kawirikawiri imagawidwa potengera kulemera.

Pamene pamaterera m'pa nambala ya mtundu wa katundu, ya dongosolo la HS lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1988. Manambala asanu ndi limodzi oyamba ndi ofanana m'maiko onse otsata dongosololi, ndipo dziko lililonse limawonjezera ake kumapeto. Matayala athu aja ndi 4011.10. Inki ikangofalikira pang'ono, 1 n'kuoneka ngati 7, timapeza 4011.70, omwe ndi matayala a mathirakitala ndi makina ena a kumunda ndi kunkhalango. Nambala zonse ziwiri ndi zenizeni, zilimo m'buku la misonkho, choncho palibe masamu amene angaulule vutoli. Komatu msonkho wake ukhoza kusiyana, ndipo nambala yolakwikayo ikalowa mu ASYCUDA, dongosolo la pa kompyuta la a kasitomu, woyankha mlandu kwa a kasitomu ndi mwini katundu ndi ejenti wake.

N'chifukwa chake ine sindikhulupirira pulogalamu yongotulutsa manambala duu. Yabwino imayerekeza nambala ya HS ndi mawu ofotokoza katundu pa mzere womwewo, imagawanso kulemera konse ndi chiwerengero cha katundu. Makilogalamu 1,600 pa matayala 200 ndi 8 pa tayala limodzi, kulemera kwa tayala la kagalimoto, osati la kumbuyo kwa thirakitala. Mzere wotero, nambala yake ikamanena za thirakitala, uyenera kuimitsidwa, munthu atsegule chithunzi chija, achikulitse, aone ndi maso ake.