Mzere wakuda pa maminitsi a msonkhano

Pa 29 Meyi 2020, mliri wa Covid-19 uli mkati, boma la Britain linatulutsa maminitsi a misonkhano ya SAGE, gulu la akatswiri a sayansi amene ankalilangiza za matendawa. Anthu anali atadandaula kwa milungu ingapo kuti malangizowo akuperekedwa mseri. Maminitsiwo atatuluka, zokambirana zinali poyera, ndipo mayina a akuluakulu monga Patrick Vallance ndi Chris Whitty ankawerengeka bwinobwino. Amene anachotsedwa anali mayina a alembi ndi a ogwira ntchito a maudindo ang'onoang'ono, ndipo bomalo linanena poyera kuti lawachotsa.

Umu ndi mmene ntchito yodetsa maminitsi imayenera kuyendera. Munthu wa udindo waukulu, amene mawu ake amakhudza dziko lonse, dzina lake limaonekera. Amene anangobwera kudzalemba amatetezedwa. Ndipo wowerenga amauzidwa kuti apa pachotsedwa kanthu, pa chifukwa chakutichakuti.

Ku Malawi nkhaniyi si yachilendonso. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu ufulu wopeza zimene boma likusunga, ndipo lamulo lofotokoza kapemphedwe kake, limene ambiri amangoliti ATI, linasainidwa mu 2017 n'kuyamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Ofesi ya boma imayenera kukhala ndi munthu wolandira mapempho otere, ndipo imapatsidwa masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Lamuloli limalola kubisa zinthu zina, monga za moyo wa munthu payekha, za chitetezo cha dziko, malangizo a loya ndi zofufuza za milandu zimene zili mkati. Koma kupezeka kwa chinsinsi chimodzi m'chikalata si chifukwa chokanizira chikalata chonse. Chobisikacho chimachotsedwa, zotsalazo n'kuperekedwa.

Tiyerekeze kuti mtolankhani wapempha maminitsi a komiti ya zachuma pa khonsolo ina. Ndi masamba anayi, ndipo ndime zitatu ndizo zikumuimika mutu mlembi.

Ndime yachisanu ikuti komiti yavomereza kupereka kontilakiti yokumba mijigo khumi kwa kampani yakutiyakuti, pamtengo wakutiwakuti, ndipo khansala mmodzi anatsutsa ponena kuti mtengowo wakwera. Apa palibe chodetsa. Ndalamazo ndi za anthu, ndipo makhansalawo anasankhidwa kuti azilankhula m'malo mwa anthu omwewo. Bwana akhoza kuchita manyazi kuti kutsutsako kwamveka kunja, koma manyazi a bwana sali pamndandanda wa zinthu zimene lamulo limateteza. Ngati m'ndimeyo muli nambala ya akaunti ya kubanki ya kampaniyo, imeneyo yokha ndiyo ingachoke.

Ndime yachisanu ndi chimodzi ndiyo yofuna kudekha. Ikuti wosonkhetsa ziphaso pamsika wina wapatsidwa tchuthi cha miyezi itatu chifukwa akulandira mankhwala a TB. Mlembi wothamanga amadetsa dzina lokha n'kuona ngati wamaliza. Koma ngati pamsikapo wosonkhetsa ziphaso alipo mmodzi yekha, mayi aliyense wogulitsa tomato adziwa kuti akunenedwa ndi ndani. Choncho pamafunika kuchotsa dzina, dzina la msikawo ndi matendawo, n'kusiya kuti wogwira ntchito wina anapatsidwa tchuthi cha miyezi itatu. Pamafunikanso kuyang'ana masamba onse, chifukwa dzina lomwelo limatha kubweranso kumapeto, pamndandanda wa zoti zichitike, kapena pakalata imene yamatidwa kumbuyo. Funso lodzifunsa pa mzere uliwonse ndi lakuti: munthu wa kudera lomwelo, amene amadziwa kale zambiri, akaphatikiza zotsalazi, amuzindikira kodi?

Ndime yachisanu ndi chiwiri ili ndi malangizo a loya pa mlandu wa malo umene uli kukhoti. Mutu wa ndimeyo ungatsale, kuti anthu adziwe kuti nkhaniyi inakambidwa, koma zimene loya ananena zimaphimbidwa.

Zonsezi zimachitika pa kope. Maminitsi enieni, amene wapampando anasaina, sakhudzidwa ngakhale ndi cholembera, chifukwa ndiwo umboni wa zimene zinachitika. Kulembanso maminitsi atsopano osalala, opanda ndime zovutazo, si kudetsa ayi. Kumeneko ndi kunamiza anthu. Malo amene pachotsedwa mawu ayenera kuoneka, ndipo ofesi yosamala imalemba pambali gawo la lamulo limene yatsamira, n'kusunga ndandanda ya zonse zimene yachotsa, yoti idzaonetse ngati wopemphayo akadandaule.

Tsono pali vuto lina limene lagwetsa ngakhale anthu ophunzira kwambiri: kuphimba mawu m'malo mowachotsa. Mu Januwale 2019, maloya a Paul Manafort, amene anatsogolerapo kampeni ya Donald Trump, anapereka kukhoti chikalata cha PDF chokhala ndi mizere yakuda. Atolankhani anangokopa malo akudawo n'kuwamata patsamba lina, mawu onse n'kutulukira. Dziko linadziwa kuti Manafort akunenedwa kuti anapereka zotsatira za kafukufuku wa chisankho kwa Konstantin Kilimnik, mnzake wa bizinesi amene ofufuza ankamuganizira kuti ali pa ubale ndi akazitape a ku Russia. Patapita zaka ziwiri, mu Januwale 2021, akuluakulu a mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya anatulutsa kontilakiti yawo ya katemera ndi kampani ya AstraZeneca. Masamba anali odetsedwa, koma mawu ena obisikawo anatsala mu Bookmarks, kamndandanda kamene kamaoneka pambali pa PDF.

Chimene chimachitika n'chakuti bokosi lakuda lojambulidwa pakompyuta lili ngati nsalu yofunditsa pa dengu: zamkati zikadali momwemo. Kusintha mtundu wa zilembo kuti ufanane ndi tsamba nakonso sikuchotsa kanthu. Mapulogalamu monga Adobe Acrobat Pro ali ndi chida chotchedwa Redact, chimene chimafufutiratu mawuwo, komanso njira yochotsera zobisika monga ndemanga ndi dzina la wolemba. Fayilo ya Word siyenera kutumizidwa mmene ilili, chifukwa Track Changes imasunga mawu amene anafufutidwa. Kuyesa kwake n'kosavuta: kutsegula fayilo yomalizayo, kudina Ctrl+A kenako Ctrl+C, n'kumata mu Notepad. Dzina lobisidwalo likatulukira, ntchito ibwerezedwe. Ctrl+F nayo imathandiza kufufuza ngati dzinalo latsalira penapake.

Maofesi ambiri amagwirabe ntchito ndi mapepala, ndipo kumenekonso kuli msampha wake. Inki ya maka siphimba bwino zilembo zosindikizidwa. Munthu akaloza pepalalo kudzuwa kapena kulipendeketsa, zilembozo zimanyezimira. Njira yodalirika ndi kudetsa pa fotokope, kenako kuchitanso fotokope ya pepala lodetsedwalo, n'kuyang'anitsitsa kope yachiwiriyo musanaipereke. Ndi bwino kuti munthu wina, amene sanagwire nawo ntchitoyo, awerenge masamba onse komaliza, chifukwa maso a wodetsayo amakhala atazolowera kale.

Nanga wopempha akalandira masamba anayi akuda bii, opanda chifukwa chilichonse? Ali ndi ufulu wouzidwa chifukwacho mochita kulemba. Angapemphe ofesi yomweyo kuti iunikenso chiganizo chake, ndipo akapanda kukhutira angadandaule ku bungwe loona za ufulu wa anthu la MHRC, limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamulo la ATI. Kuchoka pamenepo, nkhaniyo ingathe kukafika kukhoti.