Mayi akadzimbidwa, abale a ku Joni auzidwe zotani?

M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chisanu chikalimba kumapiri a Angoniya, okalamba amachepetsa kumwa madzi. Ludzu salimva, komanso amaopa kudzuka usiku kupita kuchimbudzi kozizira. Akatero m'mimba mumauma. Ana awo amene ali ku Joni akamva kuti mayi akudzimbidwa amathamangira kutumiza ndalama kapena mabotolo a mankhwala otsegula m'mimba, pamene chofunika choyamba ndi dongosolo loti aliyense alidziwe.

Achipatala amati munthu wadzimbidwa ngati akuchita chimbudzi kosakwana katatu pa sabata, kapena ngati chimbudzicho ndi cholimba, chotuluka movutikira. Matumbo aakulu amayamwa madzi m'zotsalira za chakudya, ndipo zikakhalitsa m'menemo zimaumiratu. Nsima ya ufa woyera imawonjezera vutoli chifukwa gaga, amene amasunga madzi m'chimbudzi, anatsala pokonola. Mankhwala enanso amadzimbitsa: mapiritsi owonjezera magazi, opha ululu monga kodini ndi tramadolo, ndi ena a kuthamanga kwa magazi.

Tiyerekeze mwana amene amagwira ntchito ku Ulongwe, mayi ake a zaka 74 ali kumudzi ku Domwe. Uthenga wake wothandiza kwa abale a ku Joni ungamveke motere:

"Achimwene ndi achemwali, amayi akumatha masiku anayi osapita kuseri. Ndagwirizana ndi alamu kuti nsima ikhale ya mgaiwa, koma tiyamba ndi kusakaniza theka ndi theka kwa sabata ziwiri, chifukwa kusintha mwadzidzidzi kungawatupitse mimba. Ndiwo zamasamba zisasowe, kaya nkhwani, mpiru kapena bonongwe, ndipo nyemba katatu pa sabata. Papaya ndizitumiza Loweruka. Ndagula botolo la malita 2. Lizidzazidwa m'mawa, madzi ake azimwa ofunda, ambiri masana kuti usiku asavutike. Akadya phala m'mawa, pakatha mphindi 20 kapena 30 azipita kuchimbudzi ngakhale asanamve kufuna, akhale mphindi zosaposa 10, osadzikakamiza. Mawondo akuwapweteka ponjuta, choncho ndalama zimene mutumize zipite kwa kalipentala akhome mpando woboola, ndi kamtengo kopondapo kuti mawondo akwere. Mdzukulu wamkulu azichonga pakalendala tsiku lililonse limene achita. Mankhwala musagule kumeneko. Lachisanu ndiwatengera kuchipatala pamodzi ndi mapiritsi onse amene akumwa."

Nthawi ya m'mawayo ili ndi chifukwa chake: chakudya chikalowa m'mimba, matumbo aakulu amayamba okha kukankha, makamaka pa chakudya choyamba cha tsiku. Za madzizo nazo zili ndi malire. Wodwala mtima kapena impso, amene mapazi amatupa, asawonjezere madzi asanafunse dokotala. Ndipo mapiritsi a kuthamanga kwa magazi asasiyidwe pakhomo ngakhale akukayikiridwa; wosintha ndi amene anawalemba.

Zakudya zikalephera, kuchipatala angapereke lakitulozi, kawirikawiri mamililita 15 kawiri pa tsiku. Amakokera madzi m'matumbo ndipo angatenge masiku awiri kuti agwire, choncho banja lisafulumire kunena kuti sagwira. Bisakodili amamwedwa pogona, amagwira pakatha maola 6 mpaka 12, koma amapotokola m'mimba ndipo si womwa miyezi yambiri popanda kuunikidwa. Kupopera madzi a sopo kapena zitsamba kunjira ya chimbudzi ndimakukana kotheratu, chifukwa kumapsereza matumbo ndipo kungawaboole.

Pali msampha umene mabanja ambiri amagwamo. Mayi atatha sabata osachita, mwadzidzidzi ayamba kuchucha chimbudzi chamadzi, nthawi zina chodetsa chitenje osadziwa. Apabanja amati tsopano atsegula m'mimba, n'kuwagulira mankhwala oimitsa. Chonsecho chimbudzi cholimba chatseka njira, ndipo chamadzicho chikungodutsa m'mbali mwake. Mankhwala oimitsa amaipitsiratu zinthu. Pamenepa namwino ayenera kupima ndi chala ndi kuchotsa chotsekacho. Kalendala ija imathandiza kwambiri apa, pakuti imaonetsa masiku opanda kanthu amene anatsogola. Mwa okalamba, kutsekeka kotere kumabweretsanso kusokonezeka mutu kapena kulephera kukodza.

Uthengawo usathe osatchula zizindikiro zosadikira Lachisanu. Mimba ikatupa ngati ng'oma, kupweteka kukakula, munthu akusanza ndipo ngakhale mpweya woipa sukutuluka, n'kutheka kuti matumbo apotana kapena atsekeka, vuto limene madokotala a opaleshoni m'chigawo chino cha Afirika amaliona kawirikawiri, makamaka mwa abambo achikulire. Osapereka mankhwala otsegula m'mimba, osapereka chakudya. Apite kuchipatala chachikulu cha Ulongwe tsiku lomwelo. Magazi m'chimbudzi, kuonda kosadziwika chifukwa, kapena kudzimbidwa kwatsopano kopitirira sabata zingapo zimafunanso kupimidwa msanga, poti khansa ya m'matumbo imatha kuyamba motero. N'chifukwa chake ndalama ya galimoto isungidwe padera kwa munthu amene amagona pafupi ndi mayi, ndipo nambala ya dalaivala ikhale nayenso.