Mmene labotale imapezera mapuloteni mu soya poyeza nayitirojeni

Zotsatira za kafukufuku wa mbewu zikatuluka, pamakhala mzere wosonyeza kuchuluka kwa mapuloteni, zomanga thupi zija, nthawi zambiri pansi pa zilembo za CP. Nambala imeneyi siichokera pa kuyeza mapuloteni enieniwo. Chomwe labotale imayeza ndi nayitirojeni yense amene ali mu mbewuyo, kenako imachulukitsa ndi nambala yogwirizana kuti ipeze mapuloteni ongoyerekeza. Mlangizi wodziwa zimenezi sadabwa akaona soya wa thumba limodzi atalembedwa maperesenti 38 pa pepala lina ndi 35 pa linzake.

Njirayi anaitulukira ndi Johan Kjeldahl wa ku Denmark mu 1883, ndipo mpaka pano imatchedwa ndi dzina lake. Maziko ake ndi akuti mapuloteni ambiri amakhala ndi nayitirojeni pafupifupi magalamu 16 pa magalamu 100 aliwonse, pamene sitachi, mafuta ndi shuga zilibe nayitirojeni. Kugawa 100 ndi 16 kumapereka 6.25, ndipo iyi ndiyo nambala yochulukitsira imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri.

Gawo loyamba: kusungunula ufa mu asidi

Soya amayamba wagayidwa mpaka ufa wake udutse pa sefa ya mabowo a milimita imodzi. Woyeza amatengapo theka la galamu, n'kuthira m'chubu chagalasi pamodzi ndi mamililita 12 mpaka 15 a asidi wa salifyuriki wosasungunula. Amawonjezera magalamu 7 a potaziyamu salufeti, amene amathandiza asidiyo kufika pa kutentha kwakukulu, ndi kopa salufeti wosakwana galamu imodzi wofulumizitsa ntchito. Chubucho chimatenthedwa pa madigiri 420 kwa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, m'kabati yokoka utsi, chifukwa utsi wake umawononga mapapo.

Poyamba zonse zimada ngati makala ndipo zimachita thovu. Pang'onopang'ono asidi amadya ufa wonse, madziwo n'kuyera mbee, otsalira ndi mtundu wobiriwira mopita ku buluu. Pamenepo nayitirojeni amene anali m'mapuloteni amakhala atasanduka amoniyamu salufeti, mchere womwewo umene alimi amaudziwa ngati feteleza wa salufeti.

Gawo lachiwiri: kutulutsa ndi kuyeza amoniya

Chubu chikazizira, amathiramo madzi osungunulira, kenako pafupifupi mamililita 50 a sodiyamu hayidirokisayidi wa maperesenti 40. Mankhwalawa amapha mphamvu ya asidi n'kumasula nayitirojeni uja ngati mpweya wa amoniya. Nthunzi imakankhira mpweyawo m'paipi yoziziritsa, mofanana ndi mmene mkuto wa kachasu umagwirira ntchito, ndipo madontho ake amagwera m'botolo la asidi wa boriki losakaniza ndi utoto wosonyeza. Amoniya akamalowa, utotowo umasintha kuchoka pa kufiira kupita pa kubiriwira.

Pomaliza woyeza amadontheza asidi wa hayidirokoloriki wa mphamvu yodziwika mpaka kubiriwira kuja kutatha. Mamililita amene alowa ndiwo amasonyeza kuchuluka kwa nayitirojeni. Pambali pake pamakhala chubu china chopanda ufa chomwe chadutsa mu zonsezi, kuti nayitirojeni wochokera m'mankhwala ndi m'madzi achotseredwe.

Chitsanzo cha kawerengedwe

```
%N = (V − B) × M × 1.4007 ÷ W
```

V ndi mamililita a asidi amene analowa pa chubu cha ufa, B ndi a pa chubu chopanda ufa, M ndi mphamvu ya asidi, ndipo W ndi kulemera kwa ufa m'magalamu. Mwachitsanzo, ufa wa soya ukhale magalamu 0.500, asidi wa mphamvu ya 0.1, V ikhale 22.0 ndipo B ikhale 0.2. Kuchotsera kumasiya 21.8. Kuchulukitsa ndi 0.1 ndi 1.4007 kumapereka 3.05, ndipo kugawa ndi 0.500 kumapereka nayitirojeni wa maperesenti 6.11.

Apa ndi pamene mapepala awiri aja amasiyanirana. Labotale yochulukitsa ndi 6.25 ilemba mapuloteni a maperesenti 38.2. Koma mapuloteni a soya ali ndi nayitirojeni wochulukirapo kuposa magalamu 16 aja, motero malabotale ena amagwiritsa ntchito 5.71, n'kupeza 34.9. Soyayo ndi yemweyo ndipo palibe amene walakwitsa. Mtedza nawo uli ndi nambala yake, 5.46, ufa wa tirigu 5.70, mkaka 6.38, pamene chimanga chimatsala pa 6.25.

Chinyezi nachonso chimasintha nambala. Ngati soya uja anali ndi chinyezi cha maperesenti 10, ndiye kuti 38.2 wagawidwa ndi 0.90 amakhala 42.4 pa soya wouma gwa. Choncho asanayerekeze mitundu iwiri ya soya kapena kukambirana mtengo ndi wogula, mlangizi ayenera kuona zinthu ziwiri pa pepala: nambala yochulukitsira imene inagwiritsidwa ntchito, ndiponso ngati zotsatirazo zili pa mbewu youma kapena pa mbewu mmene inabwerera.

Zimene zimalakwika m'labotale

Zolakwika zambiri zimatsitsa zotsatira. Chubu chikachotsedwa pamoto madzi akadali oderako kapena timakala titamatirira m'mbali, nayitirojeni wina amakhala asanamasuke. Asidi akauma chifukwa cha moto wopitirira, chubu chimagwirana chibuma cholimba chikazizira, ndipo nayitirojeni wina amakhala atathawa ndi utsi. Sodiyamu hayidirokisayidi akachepa, madziwo sasanduka a buluu wodera kapena ofiirira monga ayenera kuchitira, ndipo amoniya wina amatsalira m'chubu. Pofuna kudziyesa, labotale imayeza ufa uliwonse kawiri, komanso imadutsitsa amoniyamu salufeti weniweni, amene ayenera kupereka nayitirojeni wa maperesenti pafupifupi 21.2. Mayeso a mcherewa amatsimikiza gawo lachiwiri lokha, osati kusungunula mu asidi.

Malire a njirayi

Njirayi siisiyanitsa nayitirojeni wa mapuloteni ndi wa zinthu zina monga yureya. Feteleza wa yureya ali ndi nayitirojeni wa maperesenti 46, kotero kilogalamu imodzi yosakanikira mu makilogalamu 100 a chakudya cha ziweto imakweza CP ndi pafupifupi 2.9 popanda kuwonjezera mapuloteni alionse. Ndi mpata womwewu umene ena anagwiritsa ntchito ku China mu 2008 pothira melamini mu mkaka kuti uoneke wa mapuloteni ambiri, ndipo makanda ambiri anadwala impso. Njirayi siinenanso ubwino wa mapuloteni. Chimanga chokhala ndi mapuloteni abwino, chotchedwa QPM, chimatha kupereka CP yofanana ndi chimanga wamba ngakhale chili ndi layisini wochuluka.

Mbali ya mlangizi ndi mlimi wachitsanzo

Theka la galamu lija limaimira mulu wonse, choncho mbewu yokayezetsa itapidwe m'matumba angapo, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kusakaniza bwino. Ikhale youma, yopetedwa, ndipo iikidwe m'pepala lapulasitiki latsopano lomanga bwino, lolembedwa mtundu wa mbewu, munda ndi tsiku. Thumba lomwe munali feteleza siliyenera kugwiritsidwa ntchito, ngakhale litakutumulidwa, chifukwa timibulu tochepa ta yureya togayidwa limodzi ndi mbewu timakweza zotsatira. Ufa wa chimanga, umene nthawi zambiri umakhala ndi CP ya pakati pa 8 ndi 10, ukalembedwa 15, chofunika ndi kufunsa kaye mmene unasungidwira ndi kutumizanso wina wokayezetsa nambalayo isanaperekedwe kwa alimi.