Dzino lachisanu ndi chimodzi: mmene Angle anagawira mano osakumana bwino

Dokotala wowongola mano akalandira mwana amene mano ake akutsogolo ndi otuluka kapena opanikizana, sayamba ndi mano amene makolo akudandaula nawo. Amamuuza mwanayo kuti alume, n'kukankhira tsaya pambali ndi kagalasi, kenako n'kuyang'ana kumbuyo kwenikweni. Chizolowezi chimenechi chinachokera kwa Edward Angle, dokotala wa mano wa ku America amene anabadwa mu 1855 n'kumwalira mu 1930. Mu 1899 iye anafalitsa njira yogawira mano osakumana bwino m'magulu atatu, ndipo mpaka lero wophunzira aliyense wa ntchitoyi amayambira pomwepo.

Angle anasankha dzino limodzi kuti likhale poyezera: dzino loyamba lalikulu lotafunira la m'mwamba. Kuti mulipeze, werengani kuyambira pakati pa mano akutsogolo kupita kumbuyo. Ndi lachisanu ndi chimodzi. Limamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano onse aubwana, popanda kuguluka kwa dzino lina, n'chifukwa chake makolo ambiri amaliyesa laubwana. Kumbali yoyang'ana tsaya, dzinoli lili ndi nsonga ziwiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Dzino linzake la pansi lili ndi kamzere kolowa m'kati kumbali yomweyo. Funso la Angle ndi limodzi: munthu akaluma, nsonga yakutsogolo ija ikugwera pati poyerekeza ndi kamzereko?

Nsongayo ikagwera m'kamzere mwenimweni, mano akumbuyo akukumana moyenera. Ngati mano ena onse andandalikanso bwino, palibe vuto. Mano a m'mwamba amaphimba a pansi pang'ono ngati chivindikiro pa poto, ndipo akutsogolo a m'mwamba amatsogola ndi mamilimita awiri kapena atatu. Koma ngati nsonga ili m'kamzere pamene mano ena ndi othithikana, otembenuka, otalikirana kapena omera kunja kwa mzere, limenelo ndi Gulu I. Ophunzira ambiri amaganiza kuti Gulu I ndi pakamwa popanda vuto. Ayi ndithu. Mnyamata amene mano ake osongoka anamera m'mwamba mu nkhama chifukwa chosowa malo, koma akumbuyo akukumana bwino, ali m'Gulu I, ndipo odwala ochuluka amagwera momwemu.

Mu Gulu II, kamzere ka dzino la pansi kamakhala kumbuyo kwa nsonga ija. Mano a pansi atsalira m'mbuyo, ndipo nthawi zambiri chibwano chimaoneka chachifupi munthu akamuyang'ana chammbali. Gululi lili ndi zigawo ziwiri, ndipo chozisiyanitsa ndi mano akutsogolo a m'mwamba. M'chigawo choyamba manowo amapendekera kunja, mpata wa pakati pa iwo ndi a pansi umakula, mwina kufika mamilimita 8 kapena kuposa, ndipo mlomo wa pansi umakhala kumbuyo kwawo. Mwana wotere akagwa, mano amenewa sachedwa kuthyoka. Kuyamwa chala kwa zaka zambiri kumawonjezera vutoli. M'chigawo chachiwiri, mano awiri apakati amapendekera m'kati, mpata umakhala waung'ono, koma amatsika kwambiri n'kuphimba a pansi, nthawi zina mpaka kukhudza nkhama. Apa m'pamene munthu woyang'ana kutsogolo kokha amanamizika, poti palibe dzino lotuluka, chonsecho kumbuyo kuli Gulu II.

Gulu III ndi losemphana ndi limeneli. Kamzere kamakhala kutsogolo kwa nsonga, ndipo mano akutsogolo a pansi amagundana nsonga ndi a m'mwamba kapena kuwapitirira. Kawirikawiri zimayenda m'magazi. Banja lachifumu la Habsburg ku Ulaya limadziwika ndi nsagwada yotere, ndipo zithunzi za Mfumu Charles II ya ku Spain, imene inamwalira mu 1700, zimaionetsa bwino. Komabe si nthawi zonse pamene nsagwada ya pansi ndiyo yakula. Nthawi zina ya m'mwamba ndiyo yachepa. Palinso Gulu III lachinyengo: mwana akamatseka pakamwa, mano akutsogolo amagundana, ndiye amakankhira nsagwada kutsogolo kuti akumbuyo akumane. Dokotala akamuthandiza kutseka pang'onopang'ono nsagwada ili m'malo mwake, amaona mano akutsogolo akukumana nsonga ndi nsonga kaye, kenako nsagwada n'kutsetserekera kutsogolo. Kutsetsereka kumeneko ndiko chizindikiro.

Njirayi ili ndi malo amodzi ofooka kwambiri. Angle ankakhulupirira kuti dzino la m'mwamba lija limamera pamalo ake oyenera, koma dzino likapeza mpata kutsogolo kwake limasunthira komweko. Tiyerekeze mtsikana wa zaka 13. Kumanzere, nsonga ili m'kamzere. Kumanja, nsonga yapitirira kamzere ndi mamilimita anayi, kuposa theka la kukula kwa dzino laling'ono lotafunira. Wophunzira wopupuluma alemba kuti ndi Gulu II la mbali imodzi, n'kuyamba kuganiza zokokera nsagwada ya pansi kutsogolo.

Wosamala amayang'ananso zinthu zitatu. Choyamba ndi mano osongoka, achitatu kuchokera pakati. Akamakumana bwino, nsonga ya la m'mwamba imagwera pakati pa losongoka la pansi ndi dzino lotsatira kumbuyo kwake, ndipo mwa mtsikanayu zili choncho mbali zonse. Chachiwiri ndi mpata wakutsogolo, umene wapezeka mamilimita atatu, ndiponso mizere yapakati ya m'mwamba ndi pansi yalunjikana. Chachitatu ndi kuwerenga mano. Kumanja m'mwamba, dzino lachisanu lamera chakum'kamwa, kunja kwa mzere, ndipo lachisanu ndi chimodzi latembenuka pang'ono. Atafunsidwa, mayi ake akuti dzino lomaliza laubwana la mbali imeneyo linabooka n'kuzulidwa mwana ali ndi zaka 7. Dzino lolowa m'malo mwake limamera pa zaka 10 mpaka 12, choncho kwa zaka zingapo mpatawo unali wopanda mwini, ndipo dzino lalikulu linasunthiramo.

Mtsikanayu nsagwada zake zilibe vuto. Ali m'Gulu I, koma dzino loyezera lachoka pamalo pake. Chofunika n'kubwezera dzinolo kumbuyo ndi mawaya kuti lachisanu lipeze malo, kapena, malo akakhala ochepa kwambiri, kuzula dzino limodzi laling'ono. Chipangizo chokokera nsagwada chikanawononga mbali yamanzere imene inali bwino. Lamulo lake ndi ili: pamene dzino lina linazulidwa msanga, ganizirani pamene dzino loyezera likanakhala likanapanda kusuntha, ndipo tsimikizani ndi mano osongoka.

Pali zinanso zimene magulu atatuwa sanena, chifukwa amangoyeza kutsogolo ndi kumbuyo. Sanena ngati mano akutsogolo akusiya chibowo munthu ataluma, ngati nsagwada ya m'mwamba ndi yopapatiza moti mano ake agwera m'kati mwa a pansi, kapena ngati vuto lili m'mano kapena m'mafupa. N'chifukwa chake mu 1969 Ackerman ndi Proffit anakonza njira yowonjezera mbali zimenezi, ndipo madokotala amajambula chithunzi cha mafupa a mutu chammbali akafuna kudziwa kukula kwa nsagwada. Pa khadi la wodwala, wophunzira alembe gulu la mano otafunira kumanja ndi kumanzere padera, gulu la mano osongoka, mpata wakutsogolo m'mamilimita, kuya kwa kuphimbana kwa mano akutsogolo, ndi dzino lililonse limene likusowa. Akalemba zonsezi m'pamene angayambe kukamba za mawaya.