Dzina lili pansalu, umboni uli kunsi kwa mpando

Pa kaunjika, mpando wa mwana wa m'galimoto amaukweza mtengo chifukwa cha dzina. Wogulitsa amaloza pansalu pomwe pasokedwa Maxi-Cosi, Joie kapena Chicco, n'kunena kuti, "Mayi, iyi ndi orijino, yangotsika kumene." Ambirife timakhutira pomwepo. Koma nsaluyo imavulidwa pochapa, ndipo itha kuvekedwa pa mpando wina. Tembenuzani mpandowo. Dzina lenileni, mtundu wake ndi nambala zimakhala pa kapepala komatidwa papulasitiki, kunsi kapena kumbuyo.

Pa mipando ya ku Ulaya, fufuzani chomata chomwe kawirikawiri chimakhala cha mtundu wa olenji. Tinene kuti mwapeza cholembedwa chonchi:

```
ECE R44/04
UNIVERSAL
0-13 kg
E4
```

Ena amati E4, yomwe imakhala m'kati mwa kamzere kozungulira, ikunena dziko lomwe mpandowo unapangidwa. Ayi. Ikunena dziko lomwe linauvomereza utayesedwa: 4 ndi Netherlands, 1 ndi Germany, 11 ndi Britain. Mpando wopangidwa ku China utha kukhala ndi E4 popanda chinyengo chilichonse.

Mzere wofunika kwambiri ndi wa makilogalamuwo. Mpando uwu ndi wa khanda kufikira makilogalamu 13, ndipo khandalo limakhala loyang'ana kumbuyo kwa galimoto. Choncho funso loti "ali ndi miyezi ingati?" silithandiza kwenikweni, tsegulani buku lake la kusikelo muone kulemera kwake. Mwana wa makilogalamu 14, ngakhale akwanemo mopanikiza, wapyola malire omwe mpandowo unayesedwera. Pakalembedwa R44/01 kapena R44/02, usiyeni, ndi wakalekale.

Mipando yatsopano imalembedwa R129, ina n'kuwonjezera i-Size. Lamulo limeneli linayamba mu 2013, limayendera msinkhu wa mwana m'masentimita, ndipo mpando umayesedwanso pa kugundidwa cham'mbali, zomwe R44 sinkalamula. Wa ku America musaufunse E. Umayendera lamulo la FMVSS 213.

Chikhulupiriro chovuta kuchizula n'choti mpando wooneka bwino, wokhala ndi chomata chake, ndiye kuti ndi wotetezeka. Chomatacho chimangonena za momwe mpandowo unalili tsiku lomwe unatuluka m'fakitale. Sichingakuuzeni ngati unakhalapo pa ngozi, ndipo pulasitiki itha kuthetheka m'kati kunja kuli see. Vundukulani nsalu muone ngati pali ming'alu kapena malo otuwa pomwe pulasitiki inapindika. Onani ngati malamba sanayambe kusosoka, mumangenso loko: ikuyenera kulira kuti "kha" n'kugwira osamasuka mukakoka. Chaka chomwe unapangidwa chimakhala pa kapepala, pena chimadindidwa papulasitiki ngati kawotchi kokhala ndi muvi.

Nanga ngolo yokankhira mwana? Ya ku Ulaya imalembedwa EN 1888 pachitsulo kapena kunsi kwa pokhalira. Chizindikiro chimenechi n'cha ngolo basi. Pokhalira pake, ngakhale pachotsedwe n'kukwana bwino pa mpando wa Vitz, si mpando wa m'galimoto pokhapokha pakhale chomata chakechake cha R44 kapena R129.