Sabata Imodzi ya Chiperoni kwa Chiwalo

Dera la Mfumu Chiwalo lili m'boma la Phalombe, m'chigwa chachikulu chimene chayambira m'munsi mwa mapiri a Mulanje ndi Michesi kukafika ku nyanja ya Chilwa. Chigwachi ndi chotentha miyezi yambiri ya chaka. Koma m'miyezi ya Juni ndi Julayi imafika nthaŵi imene dzuŵa limabisala masiku angapo otsatizana. Mitambo imatsika ndi kuphimba mapiri, mphepo yozizira imaomba usana ndi usiku, ndipo nthaŵi zina kumagwa kamvula kowaza. Ana amapita ku sukulu atapinda manja m'khwapa, asodzi amachedwa kuloŵa m'madzi, ndipo okalamba amangokhalira kuotha moto. Nyengo yotereyi imatchedwa chiperoni.

Chiperoni chikakula kuposa masiku onse, pamamveka mau akuti, "Paja a pa wailesi amati dziko likutentha. Nanga chisanu chonsechi chachokera kuti?" Funso limeneli si lopusa, chifukwa wofunsayo akunena zimene thupi lake likumva. Kuzizirako n'koonadi, ndipo kumatha kudwalitsa ana chibayo ndi kupha anapiye. Komabe kuchokera pa kuzizira kwa sabata imodzi munthu sangagamule mlandu wa dziko lonse lapansi.

Choyamba ndi kudziŵa kumene chisanucho chimachokera. Dzina lakuti chiperoni lidachokera ku phiri la Chiperone, limene lili m'dziko la Mozambiki, kumwera cha kuvuma kwa Mulanje. Anthu adaona kuti mitambo ya nyengoyi imatulukira cha kumeneko. Koma mphepoyo siyambira pa phiripo. Imachokera kutali, ku nyanja zozizira za kumwera kwa Afirika, ndipo imadutsa pamwamba pa nyanja ya mchere ya India, kumene imatenga chinyezi. Ikafika pa Mulanje imakakamizidwa kukwera. Mpweya ukamakwera umazizira, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 alionse, ndipo chinyezi chija chimasanduka mitambo. Mvula yowaza yambiri imagwa ku mbali ya kumwera kwa phiri, ku minda ya tiyi, koma mitambo ndi mphepo zimafikanso ku chigwa cha Phalombe. Mitambo ikatsekereza dzuŵa, nthaka siifunda, motero usana umakhala wozizira.

Tsono chisanu cha chiperoni ndi mlendo. Sikuti dziko lataya kutentha kwake sabata imeneyo ai. Mpweya wozizira wangosamuka kuchoka kwao kudzacheza kwa Chiwalo. Pamene mpweya wozizira ukupita kumpoto kuno, kwina mpweya wofunda umakhala ukupita kumwera. Zili ngati munthu wotapa chimanga m'nkhokwe imodzi ndi kukachithira m'nkhokwe ina ya pakhomo pomwepo. Woyang'ana nkhokwe yoyamba yokha adzati banjali lasauka, chikhalirecho chimanga sichidachoke pakhomo.

Zimenezi zidaoneka poyera m'chaka cha 2023. Pa 10 Julayi, mumzinda wa Johannesburg, umene Amalaŵi ambiri ogwira ntchito kumeneko amautcha Joni, mudagwa chipale chofeŵa, madzi oundana oyera ngati ufa amene amagwa m'maiko ozizira. Anthu a mumzindawo adali asadachione chiyambire 2012. Munthu wa ku Joni akadatha kulumbira tsiku limenelo kuti dziko likuzizira. Koma mwezi utatha, akatswiri ataphatikiza miyeso ya kumaiko onse ndi ya panyanja zonse, adapeza kuti Julayi yemweyo adali mwezi wotentha kuposa mwezi wina ulionse umene udayezedwapo kufikira nthaŵi imeneyo. Pamene ku Joni ankanjenjemera, kumwera kwa Ulaya, ku China ndi ku Amereka anthu ankasoŵa pothaŵira kutentha. Zonse ziŵiri zidali zoona pa nthaŵi imodzi.

Izi sizodabwitsa munthu akaganizira kukula kwa dziko lapansi. Dziko lonse la Malaŵi, pamodzi ndi nyanja zake, lingaloŵe m'dziko lapansi koposa ka 4,000. Dera la Chiwalo ndi kachigawo chabe ka boma limodzi la Malaŵi. Ndiponso mbali yaikulu ya dziko lapansi ndi madzi, ndipo kutentha kochuluka kumene kukuonjezeka, pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10, kumaloŵa m'nyanja za mchere, kumene khungu la munthu wa ku Phalombe silingakumve.

Chachiŵiri ndi kutalika kwa nthaŵi. M'Chicheŵa mau akuti nyengo amanena zinthu ziŵiri zosiyana, ndipo chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa. Pali nyengo ya tsiku, ndiko kuti m'mene kunja kwachera lero: kwatentha, kwazizira, kapena kuli mitambo. Imeneyi imasintha ngati bilimankhwe. Palinso nyengo ya dera, ndiko kuti chizoloŵezi cha malowo pa zaka zambiri. Mlimi wa kwa Chiwalo amadziŵa kuti Okutobala amatentha ndipo Julayi amazizira, ngakhale sangalose za maŵa. Akatswiri akamati dziko likutentha amanena za nyengo yachiŵiriyi, ndipo poiyeza amatenga zaka 30. Masiku ano zaka zimene amayerekezera nazo kaŵirikaŵiri ndi za 1991 mpaka 2020.

Kayezedwe kake n'kotere. Nthambi ya boma yoona za nyengo ili ndi malo oyezerapo monga ku Chileka, ku Bvumbwe, ku Makoka ndi ku Mimosa m'boma la Mulanje. Choyezera kutentha sachiika padzuŵa kapena pafupi ndi khoma, chifukwa chikhoza kunama. Amachiika m'kabokosi koyera ka timipata toloŵera mphepo, kokwezedwa pamwamba pa udzu kupitirira mita imodzi. Tsiku lililonse amalemba kutentha kwapamwamba ndi kwapansi. Kenaka amaphatikiza manambala a masiku onse ndi kuwagaŵa ndi chiŵerengero cha masikuwo, kuti apeze nambala yapakatikati, imene ku sukulu imatchedwa avereji.

Samu yongoyerekeza ingaonetse mphamvu imene sabata imodzi ili nayo pa avereji ya chaka. Tsiku lililonse la sabata ya chiperoni likhale lozizira ndi madigiri 5 kuposa m'mene limakhalira zaka zonse. Kumeneko ndi kuzizira kwakukulu, koti anthu angakukambe mwezi wathunthu. Masiku 7 kuchulukitsa ndi madigiri 5 ndi 35. Koma chaka chili ndi masiku 365, ndipo 35 akagaŵidwa ndi 365 yankho lake ndi pafupifupi 0.1. Ndiye kuti sabata yonse ija yatsitsa avereji ya chaka ndi gawo limodzi lokha mwa magawo 10 a digiri.

Tsopano masiku 358 otsalawo akhale otentha ndi digiri imodzi yokha kuposa kale. Digiri imodzi munthu saimva. Palibe amene amavula malaya chifukwa cha iyo. Komabe masikuwo aonjeza 358. Pochotsapo 35 wa chiperoni uja patsala 323, ndipo 323 akagaŵidwa ndi 365 yankho ndi pafupifupi 0.9. Chaka chimene anthu adzachikumbukira ngati cha chisanu choopsa chidzakhala, m'buku la woyeza, chaka chotentha kuposa zakale. Maganizo a munthu amasunga zachilendo ndi kutaya za masiku onse, pamene buku limasunga zonse mofanana.

Nanga mabuku enieni akuonetsa chiyani? Ku Malaŵi, avereji ya kutentha kwa chaka idakwera ndi madigiri 0.9 pakati pa 1960 ndi 2006. Masiku otentha kwambiri adachuluka, ndipo mausiku ozizira kwambiri adachepa, koma sadatheretu. Pa dziko lonse lapansi, kutentha kwakwera kupitirira digiri imodzi poyerekeza ndi zaka za 1850 mpaka 1900, ndipo chaka cha 2024 chidaposa zaka zonse zam'mbuyo mwake zimene zidayezedwapo. Chochititsa chachikulu ndi mpweya wotuluka anthu akamatentha malasha, petulo, dizilo ndi nkhalango. Mpweyawu umakhala m'mlengalenga ngati bulangete, kuletsa kutentha kwina kuti kusatuluke. Koma bulangete limeneli silithetsa nyengo za pachaka. Dzuŵa limapendekerabe kumpoto mu Juni, ndipo kumwera kwenikweni kwa dziko kukadali madzi oundana ochuluka otumiza mphepo yozizira. Chiperoni chidzabwerabe chaka ndi chaka, ndipo zaka zina chidzakula.

Asodzi a pa Chilwa amadziŵa bwino kusiyana kwa funde ndi msinkhu wa nyanja. M'chaka cha chilala madzi amabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Tsiku la mphepo funde limodzi likhoza kukankha madzi mpaka pamene padali pouma dzulo, koma palibe msodzi wanzeru amene anganene kuti nyanja yayamba kudzaza. Iye amazika mtengo m'matope ndi kumauyang'ana mwezi ndi mwezi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata ya chisanu ndi funde. Zaka 30 ndiwo mtengo wozikidwa uja.

Lamuloli limadula mbali zonse ziŵiri. Sabata imodzi yotentha kwambiri mu Okutobala nayonso siingakhale umboni wokwanira wakuti dziko likutentha. Nyanja ya Chilwa idaphwa mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu idaumanso mu 2018, koma idaphwaponso mu 1968, kutentha kusadafike pamene kwafika lero. Choncho kuphwa kumodzi pakokha sikugamula mlandu. Chofunika kufunsa ndi chakuti zinthu zotere zikudza kangati pa zaka makumi angapo, ndipo zikukula motani.

Kulakwa pa nkhani imeneyi kuli ndi mtengo wake. Mlimi amene chiperoni cha Julayi chamutsimikizira kuti zonse zili monga kale akhoza kunyoza mlangizi womuuza za mbeu zocha msanga kapena za kuphimbira nthaka kuti isunge chinyezi. Koma chimanga chake ndi mpunga wake sizikula mu Julayi. Zimakula m'miyezi ya dzinja, pamene digiri imodzi yosamveka ija imaumitsa nthaka msanga mvula ikadula masabata aŵiri kapena atatu.

Mafunso

1. Kodi dzina lakuti chiperoni lidachokera kuti, ndipo mphepo yake imayambira kuti?
2. Fotokozani kusiyana kwa nyengo ya tsiku ndi nyengo ya dera.
3. Chifukwa chiyani choyezera kutentha amachiika m'kabokosi koyera ka timipata?
4. Masiku 10 azizira ndi madigiri 4 tsiku lililonse kuposa zaka zonse. Kodi avereji ya chaka idzatsika ndi madigiri angati?
5. Funsani agogo kapena munthu wina wamkulu m'mudzi mwanu za chisanu cha pa ubwana wao, ndipo mulembe zimene akuuzani.